Madzi angati pa thumba limodzi la simenti?

"Ndikumanga nyumba ku Makawa. Pansi tinathira konkire miyezi itatu yapitayo, koma mpaka lero tikamasesa pamatuluka fumbi la simenti, ndipo pali timing'alu. Mmisiri wanga amathira ndowa ziwiri za madzi pa thumba lililonse, akuti simenti imalimba ndi madzi. Mwezi wa Okotobala tikufuna kuthira bimu ndi thanki ya madzi. Kodi akunena zoona?" (Wowerenga wa ku Makawa, Mangochi)

Bambo, mtima ukhale m'malo, chifukwa mwafunsa nthawi ikadalipo. Pansi pa nyumba pamakhala pa dothi ndipo sipangagwere munthu, choncho vuto lake ndi lokonzeka. Bimu ndi thanki ndi zomwe zikanakuvutitsani zikanathiridwa chimodzimodzi, ndipo izo simunathire.

Amisiri anu sakunama kotheratu. Simenti siuma ngati matope a njerwa, omwe amalimba madzi akachokamo. Simenti imalimba chifukwa fumbi lake limagwirizana ndi madzi n'kusanduka chinthu china cholimba, chomwe chimamera ngati timizu pakati pa mchenga ndi miyala n'kuzimanga pamodzi, ndipo n'chifukwa chake konkire imatha kulimba ngakhale pansi pa madzi. Pamene amisiriwo aphonya ndi pa muyeso. Simenti ili ndi mlingo wa madzi omwe imamwa, ndipo ikakhuta, otsalawo sagwira ntchito ina iliyonse koma kutenga malo.

Mainjiniya amayeza nkhaniyi ndi nambala imodzi, yomwe imapezeka pogawa kulemera kwa madzi ndi kulemera kwa simenti. Masamu ake ndi osavuta kwa ife, chifukwa thumba la simenti limalemera makilogalamu 50 ndipo lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Mukathira malita 25 pa thumba, nambalayo ndi 0.5, mukathira malita 30, ndi 0.6. Ngati ndowa za amisiri anu zili zija za malita 20, ndiye kuti akuthira malita 40, ndipo nambala yawo ndi 0.8.

Tiyeni titsatire malita 40 amenewo kuti tione kumene amapita. Pafupifupi malita 12 okha ndi omwe amalowa m'thupi la simenti n'kusanduka mwala. Ena pang'ono amagwidwa m'timipata tating'ono kwambiri ta simenti yolimbayo, moti tikaphatikiza onse, thumba limodzi limakhuta ndi malita pafupifupi 20. Ndowa yoyamba yathera pamenepo. Yachiwiri yonse imangokhala m'konkire ngati mlendo: madzi ena amakwera pamwamba konkire ikadali yaiwisi, ena amatsalira m'kati mpaka dzuwa la kuno litawatulutsa, ndipo paliponse pamene panali dontho pamatsala kabowo. Timabowoti sitioneka ndi maso, koma timalumikizana n'kupanga tinjira tochokera pamwamba kukafika m'kati. Taganizirani za thabwa lomwe lafumbwa: kunja limaoneka labwinobwino, koma mukaliponda limathyoka chifukwa m'kati mwake theka ndi mphepo.

Amene anaika mfundo imeneyi m'masamu ndi injiniya wa ku America, Duff Abrams, yemwe m'chaka cha 1918 anasonyeza atayesa konkire zambirimbiri kuti, bola konkire yatsindiridwa bwino, mphamvu yake imatsika pamene madzi akuchuluka poyerekeza ndi simenti. Mphamvu ya konkire imayezedwa m'mamegapasikali pakatha masiku 28. Matebulo omwe mainjiniya a ku America amayambirapo pokonza msakanizo amasonyeza mphamvu pafupifupi 35 madzi akakhala malita 24 pa thumba, pafupifupi 25 akakhala malita 30, ndi pafupifupi 15 akafika malita 40. Simenti yolembedwa 32.5 pathumba, yomwe ambiri timagula pomanga nyumba, imapereka mphamvu yotsikirapo kuposa pamenepa, ndipo ya 42.5 imakwerako, koma katsikidwe kake ndi komweko. Ndowa imodzi yoonjezera ija ikudya mphamvu yoposa theka, pamene ndalama ya simenti mwalipira yonse.

Fumbi lomwe mukusesa likuchokera ku madzi aja okwera pamwamba. Konkire yamadzi ikathiridwa, miyala ndi mchenga zimamira, madzi n'kuyandama atanyamula fumbi losalala la simenti ndi dothi la mumchenga. Mmisiri akabwera ndi mpeni wake n'kusalaza madziwo asanaphwe, amasakanizira madzi onsewo m'khungu lapamwamba, moti gawo lomwe mapazi amaponda ndi lomwe limakhala lofooka kuposa pena paliponse. Ena amawaza simenti youma pamwamba kuti imwe madzi, pansi n'kuwala ngati galasi tsiku limenelo, koma khungu limenelo limadzasupuka ngati makoko a dzira. Timing'alu nato tili ndi gwero lomwelo, chifukwa konkire imakwinyika madzi akamatuluka, ndipo madzi otuluka akachuluka kukwinyika kumakulanso.

Komabe pa thanki ndi bimu chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri si mphamvu, koma tinjira tija. Simenti ikamapitiriza kulimba m'malo a chinyezi, timizu take timakula n'kumatseka tinjirato pang'onopang'ono, ndipo nthawi yomwe izi zimatenga imadalira madzi omwe munathira poyamba. Kafukufuku wa katswiri wa simenti T. C. Powers ndi anzake anasonyeza kuti nambala ya madzi ndi simenti ija ikakhala pa 0.45 tinjira timaduka pakatha pafupifupi sabata imodzi ya chinyezi, pa 0.5 masabata awiri, pa 0.6 miyezi isanu ndi umodzi, pa 0.7 chaka chathunthu, ndipo kupitirira pamenepo sititsekeka konse. Thanki yothiridwa ndi ndowa ziwiri pa thumba, ngakhale mutaithirira madzi mpaka mvula itagwa, idzakhala ikutuluka thukuta. Ndinaitanidwapo kukaona thanki ina m'mbali mwa nyanja momwemu, yomwe mwini wake anali ataipaka pulasitala kawiri. Khoma lake linali lonyowa kuyambira pansi mpaka m'chiuno, mizere yoyera ya laimu itatsetsereka ngati misozi, ndipo nditagogoda ndi hamala pamalo pena panagwa chibenthu, chitsulo chili m'kati chitatupa ndi dzimbiri mpaka kumasendeka ndi chikhadabo. Zitsulo zinali zokwanira ndipo simenti sanaumire, koma aganyu ankathira madzi ndi payipi pamulu.

Dzimbiri limenelo limabwera motere. Konkire yabwino imateteza chitsulo chifukwa laimu wa mu simenti amachikuta ndi kakhungu komwe dzimbiri silingagwire. Mpweya wa kunja ukamalowa m'konkire umapha mphamvu ya laimu ameneyu kuyambira pamwamba kulowa m'kati, ndipo mchere ukalowa umaboola kakhunguko mwachangu koposa. M'konkire yothina ulendo umenewu umatenga zaka makumimakumi, koma m'konkire ya tinjira msewu ndi wolambula kale. Chitsulo chikachita dzimbiri chimatupa, n'kung'amba konkire kuchokera m'kati, ndipo chizindikiro chake ndi mng'alu wowongoka wotsatira chitsulo pansi pa bimu, nthawi zina ndi madontho ofiirira. Madzi a m'nyanja yathu ndi a mumtsinje wa Shire alibe mchere, choncho ndi abwino kusakanizira bola akhale oyera, opanda matope ndi zinyalala. Koma ngati madzi a pamjigo wanu amamveka mchere pakamwa, musawalole m'konkire ya zitsulo.

Tsopano funso lomwe amisiri anu adzafunsa, ndipo ali ndi ufulu kulifunsa, ndi lakuti: nditachepetsa madzi, konkireyo ilowa bwanji pakati pa zitsulo? Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa mbali inayo. Konkire youma kwambiri, yosatsindirika, imasiya mabowo aakulu ngati zisa za njuchi mukachotsa matabwa, ndipo mabowo amenewo amaononga monga momwe madzi amaonongera. Mpweya wotsala wokwana magawo asanu pa 100 alionse ukhoza kuchotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu. Choncho kungolamula kuti "thirani ndowa imodzi" popanda kusintha china chilichonse sikuthandiza.

Chinsinsi chake n'chakuti kuchuluka kwa madzi omwe konkire imafuna kuti ifewe kumalamulidwa makamaka ndi mchenga ndi miyala, osati simenti. Ndi miyala ya kwale ya mamilimita 20, kiyubiki mita imodzi ya konkire yofewa bwino imafuna malita pafupifupi 195, kaya muli simenti yambiri kaya yochepa. Mukaikamo matumba 6, omwe ndi makilogalamu 300, nambala ija ikhala 0.65. Mukaikamo matumba 8, madzi omwewo akupatsani 0.49. Kufewa n'kofanana, koma konkire yachiwiriyi ndi ya thanki ndipo yoyambayo si ya thanki. Izi zikutanthauza kuti ngati thumba limodzi likufunadi ndowa ziwiri kuti mulu usakanizike, vuto lenileni ndi lakuti thumbalo lasenzetsedwa mchenga ndi miyala zochuluka.

Ndikuganiza kuti izi n'zomwe zinachitika panyumba panu, chifukwa ndaziona kambirimbiri. Anthu amamva za msakanizo wa 1:2:4, womwe ndi gawo limodzi la simenti, awiri a mchenga ndi anayi a miyala poyeza ndi chinthu chimodzimodzi, n'kumaganiza kuti ndi thumba limodzi, mawilibala awiri a mchenga ndi anayi a miyala. Koma thumba la simenti ndi malita pafupifupi 33, pamene wilibala ya omanga yosefa bwino, yopanda phiri pamwamba, ndi malita pafupifupi 65, kutanthauza matumba awiri. Ndiye 1:2:4 yeniyeni ndi thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga ndi mawilibala awiri a miyala. Amene waika awiri ndi anayi wapanga 1:4:8, msakanizo woyalira pansi pa maziko, ndipo mulu umenewo sungatembenuzike ndi fosholo popanda ndowa ziwiri. Afunseni amisiri anu mwaulemu mawilibala omwe ankathira, ndipo yezani wilibala yawoyo ndi chigubu cha malita 20, chifukwa mawilibala sali ofanana.

Pa bimu yanu, ngati injiniya sanalembe zina papulani, gwiritsani ntchito thumba limodzi, wilibala imodzi ya mchenga ndi awiri a miyala, ndipo madzi onse asapitirire malita 30. Ndanena kuti madzi onse, chifukwa mchenga umabwera ndi madzi akeake. Wilibala ya mchenga imalemera pafupifupi makilogalamu 95, ndipo mchenga wonyowa, woti mukaufinya m'dzanja umaumbika n'kusiya chinyezi pachikhatho, ungakhale ndi malita 5 obisika m'menemo. Choncho ndi mchenga wotere muyeza malita 25 okha, pamene ndi mchenga wouma wa mu Okotobala, woyoyoka pakati pa zala, muyeza 30 onse. Pa thanki chepetsani mchenga ndi miyala kufika pa 1:1.5:3, komwe pa matumba awiri ndi wilibala imodzi ndi theka ya mchenga ndi mawilibala atatu a miyala, ndipo madzi onse asapitirire malita 25 pa thumba. Njira yosavuta yosungira muyeso ndi kutenga ndowa imodzi, kuthiramo malita ofunikawo pogwiritsa ntchito botolo lodziwika muyeso, n'kulemba mzere ndi penti. Ndowa imeneyo ikhale m'manja mwa munthu mmodzi tsiku lonse, ndipo payipi ikhale kutali ndi mulu.

Posakaniza, yambani ndi mchenga ndi simenti zouma pamalo olimba osamwa madzi, mpaka mtundu utakhala umodzi, kenako miyala, ndipo madzi muthire magawo atatu mwa anayi poyamba. Otsalawo muziwaonjeza pang'onopang'ono, chifukwa konkire yomwe imaoneka youma pa kutembenuza koyamba imafewa yokha pa kachitatu. Musalole madzi kuthawa m'mbali mwa mulu, popeza amathawa ndi simenti. Konkire yoyenera imakhala pafosholo ngati nsima yofewa, imatsetsereka yonse pamodzi mukapendeketsa fosholoyo, ndipo mukaimenya ndi kumbuyo kwa fosholo pamwamba pake pamatsekeka n'kuwala pang'ono popanda madzi kuonekera. Ikamayenda yokha ngati phala la mwana, miyala n'kumatsalira m'mbuyo, yapyola. Ngati muyeso wa madzi watha koma konkire ikadali yolimba, musaonjeze madzi okha: onjezani simenti ndi madzi pamodzi, lita imodzi pa makilogalamu awiri a simenti, ndipo pa mulu wotsatira chepetsani mchenga pang'ono.

Mchenga wa m'mbali mwa nyanja ndiuike pawokha, chifukwa ambiri kuno ndi womwe ali nawo pafupi. Nthawi zambiri umakhala wosalala kwambiri, ndipo mchenga wosalala umafuna madzi ochuluka kuti kanjere kalikonse kanyowe. Mchenga wa mumtsinje wokhala ndi njere zazikulu ndi zazing'ono zosakanikirana umafewa ndi madzi ochepa, choncho ngati mungathe, sungirani umenewo thanki ndi bimu. Wadothi ndi woipa koposa. Thirani mchenga m'botolo loonekera mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani n'kulisiya maola angapo, ndipo mudzaona dothi litakhala pamwamba pa mchenga. Likakhala lochindikala loonekera bwino, mchengawo utsukidwe kapena usinthidwe. Palinso mankhwala ofewetsa konkire omwe amagulitsidwa m'masitolo ena a zomangira, amene amalola kuchepetsa madzi popanda kulimbitsa msakanizo. Amathandiza, makamaka pa thanki, koma muyeso wake ndi wochepa kwambiri, ndipo uyenera kutsatidwa monga momwe walembedwera pachigubu.

Mwezi womwe mwasankha uli ndi msampha wake. Kutentha kwa Mangochi mu Okotobala kumalimbitsa konkire mwachangu, moti mulu womwe unali wabwino pa 10 koloko umakhala utayamba kugwira aganyu asanathe kuunyamula, ndipo dzanja limathamangira ndowa. Madzi oonjeza pa nthawi imeneyo ndi omwe amaononga kwambiri, chifukwa salembedwa pena paliponse ndipo sasakanizika bwino. Yambani m'bandakucha, sakanizani thumba limodzi kapena awiri pa nthawi kuti muthe kuthira pasanathe theka la ola, unjikani miyala pamthunzi n'kuiwaza madzi dzulo lake kuti izizire, ndipo nyowetsani matabwa ndi njerwa zomwe konkire ikhalepo kuti zisaibe madzi. Potsindira, ngati mulibe vaibuleta, makina ogwedeza konkire kuti itsindirike, jobani ndi chitsulo m'magawo osapitirira chikhatho ndi theka, wina akugogoda matabwa ndi hamala kunja, mpaka thovu la mpweya litasiya kutuluka.

Pamene amisiri anu angathire madzi mosaumira ndi konkire ikagwira. Madzi a pa nthawi imeneyi sangalowe m'msakanizo n'kuuchepetsa mphamvu, ntchito yawo ndi kuletsa madzi a m'kati kuthawa simenti isanathe kumwa. Konkire ya madzi ochepa imafuna chisamaliro chimenechi kuposa ina iliyonse, chifukwa ilibe madzi otaya. Mukangomaliza kusalaza, phimbani ndi pulasitiki kuti mphepo ndi dzuwa zisang'ambe pamwamba, ndipo ikalimba yalani masaka onyowa kapena mchenga wonyowa, osalola kuti ziume kwa masiku osachepera 7 pa bimu ndi 14 pa thanki. Kuwaza ndowa imodzi m'mawa, pofika masana pali gwa, sikuthirira. Matabwa a m'mbali musathamangire kuwachotsa, chifukwa nawonso amasunga chinyezi.

Za pansi pomwe munathira kale, tengani msomali wa mainchesi anayi mukande mwamphamvu m'malo angapo. Ngati ukukumba khungu lokha la mamilimita awiri kapena atatu n'kukumana ndi polimba, vuto ndi lapamwamba: gobani khungulo lonse mpaka miyala ionekere, tsukani, pakani phala la simenti n'kuyala pomwepo pulasitala wa pansi wa gawo limodzi la simenti ndi atatu a mchenga wokhakhala, wouma moti mukaufinya umaumbika osadontha. Ngati msomali ukulowabe ndipo miyala ikuzuka ndi zala, kapena pakumveka phokoso la mphako mukagogoda, pulasitala sadzagwira ndipo gawo limenelo liyenera kuswedwa n'kuthiridwanso. Timing'alu tosalowa chikhadabo, tomwe sitikukula, tisakusowetseni tulo. Mng'alu womwe mbali imodzi yakwera kuposa inzake, kapena womwe wakwera m'khoma, ndi nkhani ya dothi ndi maziko, osati ya madzi a m'konkire.

Pali zinthu zomwe sindingakulangizeni kuchita ndi mmisiri yekha. Ngati thanki ikhala pamwamba pa nsanamira, kumbukirani kuti malita 1,000 a madzi amalemera tani imodzi, ndipo kukula kwa nsanamira, zitsulo ndi maziko kuyenera kuwerengedwa ndi injiniya. Chimodzimodzi ngati mukuganiza zodzaonjeza nyumba yapamwamba. Ngati nsanamira kapena malintala ena anathiridwa kale ndi msakanizo wa ndowa ziwiri uja, aonedwe musanawasenzetse denga, ndipo ofesi ya zomangamanga ku khonsolo ingakuuzeni komwe mungapeze munthu woyenera. Injiniya ali ndi hamala yoyezera kulimba kwa konkire yomwe yauma kale, ndipo akakayikira amaboola kachidutswa kukakaswa kumalo oyezera. Pa tsiku lothira thanki mungamupemphenso kuti atenge konkire ya pamulu womwewo m'zikombole za mamilimita 150, zomwe zina zimaswedwa pa tsiku la 7 ndipo zina pa tsiku la 28. Zotsatira za tsiku la 7 zimakhala pafupifupi magawo awiri mwa atatu a mphamvu yomaliza, choncho zikatuluka zotsika mudzadziwa thanki musanaidzaze madzi.